Ndinalemba kuti "mwamsanga", wina wanditumizira patatha masiku asanu ndi atatu

Wofunsa: Abale, ndithandizeni nzeru. Mwezi uliwonse ndimaphatikiza ziwerengero za madipatimenti atatu n'kupanga lipoti limodzi lopita kwa abwana. Mwezi wathawu ndinalemba imelo Lolemba pa 11 Malichi kuti, "Chonde tumizani ziwerengero zanu mwamsanga." Lipotilo linkafunika Lachisanu pa 15, 10 koloko m'mawa. Mmodzi anatumiza Lachiwiri. Wachiwiri anatumiza Lachisanu lomwelo madzulo, abwana atandikalipira kale. Wachitatu anatumiza Lachiwiri la sabata yotsatira, ndipo pamwamba pake analembapo kuti "monga munapemphera", osaona n'komwe kuti walakwa.

Vuto langa ndi lakuti onse atatuwa ndi akuluakulu kwa ine. Ndikawalembera tsiku ndi ola, kodi sizioneka ngati mwana akulamula makolo? Ndilembe bwanji?

Bambo wina woyang'anira ntchito: Achemwali, pepani, koma wachitatu uja sanalakwe kwenikweni. Inu tsiku la 15 munali nalo m'mutu, iye munangomupatsa mawu oti "mwamsanga". Patebulo pake pali mapempho mwina asanu ndi limodzi, onse olembedwa mawu omwewo kapena ASAP ija, chidule cha Chingerezi chotanthauza "mwamsanga" yemweyo. Amayamba ndi lomwe lili ndi tsiku, chifukwa ndi lokhalo lomwe angaimbidwe nalo mlandu. Lanu limakhala la "ndikapeza mpata".

Tsiku loti mulembe musalitenge m'mwamba, werengani chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti lipoti likubwerali likufunika Lachisanu pa 12 Epulo, 10 koloko m'mawa. Kuphatikiza kumakutengerani maola angati? Tiyerekeze asanu. Ndiye pali zija mumapeza kuti ziwerengero za wina sizikugwirizana, n'kuyamba kumufunsa, iye n'kuyankha mawa lake. Zimenezo zipatseni tsiku lathunthu. Ndiye kuti zonse zikhale m'manja mwanu Lachitatu masana: Lachitatu madzulo muziunika, Lachinayi mufunse mafunso n'kuphatikiza. Ine ndikanalemba chonchi:

"Bambo, ndikupempha ziwerengero za mwezi wa Malichi za dipatimenti yanu pofika Lachitatu pa 10 Epulo, 12 koloko masana. Lipoti likupita kwa abwana Lachisanu pa 12, 10 koloko m'mawa, ndipo ndimafuna Lachinayi kuti ndiziunike ndi kukufunsani ngati pena sipakumveka. Ngati tsikuli silitheka, chonde mundiuze pofika Lachiwiri pa 9 kuti tione chochita."

Onani kuti simukulamula munthu pamenepa. Amene akulamula ndi Lachisanu la abwana lija, inu mukungowauza kuti lilipo. Ulemu uli mu "ndikupempha" ndi m'chifukwa chomwe mwaperekacho. Mukangolemba tsiku lokha popanda chifukwa, apo ndiye zimamveka ngati lamulo.

Mnyamata wina: Zonsezi n'zautali. Ingodinani kachizindikiro kofiira kaja kosonyeza kuti imelo ndi yofunika kwambiri, kenako muwaimbire foni. Ine ndimatero.

Bambo woyang'anira ntchito: Kachizindikiroko kakunena zomwezo zomwe "mwamsanga" akunena, achimwene. Sikatchula tsiku. Foni ndi yabwino pokumbutsa, koma zikavuta Lachisanu mulibe chomwe mungaonetse.

Mayi wina wa ku akaunti: Tsiku lilembedwe, ndikuvomereza. Koma ine anthu ndimawadziwa. Mukati Lachitatu abweretsa Lachisanu. Ndiye ndimawanamiza dala: ngati chinthu chikufunika pa 12, ndimati abwana akuchifuna pa 5. Akachedwa ndi sabata, ine ndili bwinobwino.

Bambo woyang'anira ntchito: Mayi, njira yanuyo imagwira kawiri kapena katatu. Tsiku lina wina adzasiya ntchito zake zonse, n'kuweruka usiku kuti akwanitse pa 5, kenako adzaona kuti lipoti latuluka pa 12. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse lomwe mungalembe azilionjezera sabata m'mutu mwake, ndipo auza anzake. Mpata wosungira ndi wofunika ndithu, n'chifukwa chake ndaika Lachitatu osati Lachisanu. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku onse awiri ndawatchula poyera, ndanenanso ntchito ya masiku apakatiwo.

Mayi wa ku akaunti: Mukatchula onse awiri, iwo amangoona lachiwirilo. "Aaa, kani likupita Lachisanu, nditumiza Lachinayi usiku." Zaka zonsezi ndaziona. Ine sindisintha.

Mlembi wina: Ndionjezereko pa kalembedwe ka tsikulo, poti ine zinandigwetsapo. Ndinalembera mnzathu wa ku America kuti 10/04, ine ndikutanthauza pa 10 Epulo. Kwawoko amayamba ndi mwezi, ndiye iye anawerenga kuti pa 4 Okutobala, n'kukhala phee. Kuyambira apo mwezi ndimaulemba m'mawu, ndi dzina la tsiku lomwe. Dzinalo limathandizanso kugwira zolakwika: mukalemba "Lachitatu pa 11 Epulo" pamene 11 ndi Lachinayi, wina afunsa msanga.

"Mawa" nayenso ndi msampha. Mukalemba 5 koloko madzulo, munthu n'kutsegula imelo m'mawa mwake, mawa lake ndi lina kale. Chimodzimodzi "musanaweruke": wina amaweruka 4 koloko, wina amakhala mpaka 7. Ikani ola. Ngati munthuyo ali kudziko lomwe nthawi imasiyana ndi yanu, nenani kuti olalo ndi la kuti. Ndipo tsikulo likhalenso pamutu wa imelo, monga "Ziwerengero za Malichi, pofika Lachitatu 10 Epulo, 12 koloko", poti ambiri amangoona mitu pafoni osatsegula.

Wina wongoyamba ntchito: Nanga zikakhala kuti abwana ndi amene akulemba "mwamsanga" kwa ine? Anga amalemba choncho pa chilichonse. Sabata yatha ndinasiya ntchito ya kasitomala n'kuthamangira yawo, iwo anadzaiwerenga patatha masiku anayi.

Bambo woyang'anira ntchito: Musawafunse kuti "mukuifuna liti", ayankha kuti dzulo. Tchulani tsiku inuyo: "Bwana, ndikumaliza ya kasitomala lero, yanuyi ndikupatsani Lachiwiri pofika 3 koloko masana. Ngati ikufunika isanafike nthawiyo, mundiuze ndiimitse ya kasitomalayo." Akakhala chete, mwanena kale tsiku lanu ndipo lalembedwa. Akati ayi, asankha okha ntchito yoti idikire.

Wongoyamba ntchito: Anga akhoza kuyankha kuti zonse ziwiri lero.

Bambo woyang'anira ntchito: Amenewo ndiye imelo siingawachiritse.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndalemba monga mwa chitsanzo chija, tsiku ndaliika ndi pamutu pomwe. Wachitatu uja wayankha pasanathe ola, zomwe sanachitepo. Akuti Lachitatu sizitheka chifukwa malisiti a nthambi ina amafika Lachitatu lomwelo madzulo, ndiye angathe Lachinayi 9 koloko m'mawa. Miyezi yonseyi sindinkadziwa za malisiti amenewo. Ndavomera, zake ndiziphatikiza pomalizira. Wachiwiri uja sanayankhe kanthu. Ndimukumbutse Lachiwiri, kapena ndidikire Lachitatu lidutse kaye?

Mayi wa ku akaunti: Lachiwiri m'mawa, mu imelo yomweyo kuti tsiku lija alione. Ndipo mudzatiuze ngati sanatumize Lachinayi usiku.