Nyumba yaima pa lintala, inshuwalansi ikugwirabe?

Nachisale: Abale thandizeni nzeru. Nyumba yanga yafika pa lintala, ndalama yatha, ndikufuna ndiimitse kaye miyezi 5 ndizisunga ya malata. Inshuwalansi ya nyumba imene ikumangidwa ndinalipira chaka chonse, ndiye zili bwino eti?

Che Ndevu: Mwalipira chaka ndi chaka basi achemwali, gonani tulo. Moto, mphepo, akuba, zonse zili momo

Malume: Ayi Che Ndevu musawagoneke choncho. Chaka chilipodi koma mapepala ambiri a inshuwalansi imeneyi, imene pa webusayiti amailemba Contractors All Risks, amakhala ndi ndime yonena kuti ntchito ikaima masiku akutiakuti chitetezo chimaimanso. Ena amaika 30, ena 60, ena 90. Iwo amateteza malo amene amisiri akubwerapo tsiku ndi tsiku, osati chinyumba chimene chikungonyowa ndi mvula popanda ochiyang'ana. Alembereni ntchito isanaime muwauze, ayankhe polemba, za pafoni amakana mawa.

Nachisale: Ndapeza, anga alemba 60 😭 ine sindinawerengepo pamenepo

Naphiri: Ine zinandionekera. Gebulo inagwa ndi mphepo tisanakhome denga, atabwera oyeza a inshuwalansi anangoona udzu wamera pa mulu wa mchenga, nkufunsa lisiti lomaliza la simenti, deti yake miyezi 4 kumbuyo, nkhani inathera pompo. Anatinso bimu sanaithire bwino, ntchito yolakwika ya bilidala salipira. Ndinalira ngati mwana

Junior: Ndiye mutanthauza kuti bilidala akathawa ndi ndalama amakubwezera?

Malume: Ayi mphwanga, imeneyo ndi ya iwe ndi bilidala wako. Iyi ndi ya ngozi yogwera chomangidwacho ndi katundu ali pamalopo. Simenti kumangochepa pang'onopang'ono popanda chitseko chothyoledwa, nayonso yembekeza kuti akana.

Koma achemwali onaninso mtengo umene munalembetsa. Nthawi zambiri amafuna wa nyumba yonse ikadzatha, malo osawerengera, osati pamene mwafika lero. Tinene kuti yonse ndi 100, inu munalembetsa 60 kuti mulipire zochepa, khoma lagwa kukonza kwake ndi 20. Akupatsani 12 yokha chifukwa munateteza magawo 6 mwa 10, pamenepo achotsenso ekisesi ija mumayenera kudzilipirira nokha. Simenti ikakwera mtengo kawauzeni akweze nambalayo.

Che Ndevu: Koma ine anandilola kulembetsa mpaka padenga pokha

Malume: Zimatheka ngati pepalalo lalemba gawo limenelo momveka. Koma podzayamba gawo lachiwiri munene kuti pali chomangidwa kale, apo ayi makoma akalewo sali mkati.

Nachisale: Nanga mng'ono wanga atalowamo chipinda chimodzi azilondera, sizingathandize?

Naphiri: Samalani, ejenti wanga anati munthu akalowamo kukhala amaitenga nyumbayo ngati yatha, pamafunika inshuwalansi ya nyumba yokhalamo

Che Ndevu: Mlonda ndi wokhalamo nzosiyanatu

Nachisale: Ndiwafunsa zonse ziwiri mu imelo ndikaweruka, bwana wandiona ndili pafoni