Wandiuza kuti ndi Msilamu, ndimuyankhe bwanji?

Mnyamata wa ku Germiston: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali mtsikana wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban. Tinapezana pa Facebook ndipo lero ndi tsiku lachisanu tikulemberana. Dzulo ndinamuuza kuti ndachedwa kuyankha chifukwa ndinali ku mphakati, iye n'kulemba kuti, "Kani ndinu a Katolika? Ine ndine Msilamu. Ngati nkhani yanu ndi ya banja, kwathu sangandilole pokhapokha mutalowa Chisilamu." Mpaka pano sindinayankhe. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti ndingolemba kuti zimenezo tidzaona kutsogolo, bola chibwenzi chiyambe kaye. Mtsikanayu ndamukonda ndithu.

Dalaivala wa ku Polokwane: Musaope achimwene. Asilamu amaloledwa kukwatirana ndi Akhristu. Mchemwali wanga ndi wa CCAP, anakwatiwa ndi Msilamu ku Balaka, shehe anamangitsa ukwatiwo popanda vuto ndipo kutchalitchi amapitabe.

Bambo a ku Mayfair: Zimene mwanenazo n'zoona, koma ndi za mbali imodzi. Mwamuna wachisilamu amaloledwa kukwatira mkazi wachikhristu kapena wachiyuda, ndiye nkhani ya achemwali anuwo inayenda. Mkazi wachisilamu ndiye saloledwa kukwatiwa ndi mwamuna amene si Msilamu. Ine ndakhala ndikuswali m'mizikiti ya kuno ku Joni ndi ya kumudzi zaka zambiri, sindinaonepo shehe akumanga nikaha yotero. Pa nikaha pamafunika wali, amene nthawi zambiri amakhala bambo a mkaziyo kapena wachimuna wa kuchimuna kwake, pamafunika mboni ziwiri ndi mahari. Bambo ake akafunsa funso loyamba, lidzakhala loti mkamwiniyo amaswali kuti. Choncho mwana wanga, mtsikanayu sakukuopsezani. Wakuuzani chilungamo sabata isanathe, pomwe ena amadikira mpaka ankhoswe atakhala kale pamphasa.

Dalaivala wa ku Polokwane: Kusiyana kumeneko sindinkakudziwa. Komabe alipo ambiri amene amangonena mawu a shahada, olowera Chisilamu, tsiku la ukwati, kenako aliyense n'kumapemphera kwake.

Bambo a ku Mayfair: Alipo, ndipo ndawaona mathero ake. Chaka choyamba zimayenda. Mwana akabadwa mpamene pamabuka nkhani ya dzina, ya ubatizo, ya madrasa. Chowawa kwambiri chimadza pa maliro. Ife timaika munthu mwamsanga, tsiku lomwelo kapena mawa lake, atakulungidwa mu nsanda, kuno komwe. Abale ake a Chikhristu amakhala akusonkha ndalama kuti thupi likwere galimoto, lidutse Beitbridge ndi Tete likafike kumudzi, kwaya ikaimbe. Ndinaonapo mbali ziwiri zikukangana panja pa nyumba ya chisoni, mkazi wamasiye ali pakati akulira, chifukwa malemuwo anauza mbali iliyonse zimene inkafuna kumva.

Mlongo wa ku Bellville: Samalani abale. Aliyense amene wayamba za chipembedzo msangamsanga pa foni ndi wakuba. Ine wina anandilembera tsiku lachiwiri kuti Mulungu wamuonetsa m'maloto kuti ndine mkazi wake. Sabata isanathe anapempha R500 yoti akapereke kwa mneneri atipempherere. Ndinatumiza, sanaonekenso.

Mayi a ku Pretoria: Pepani achemwali, zinakuonekeranidi. Koma izi n'zosiyana. Wakuba amagwiritsa ntchito dzina la Mulungu pokukokerani pafupi ndi kukufulumizitsani. Mtsikanayu watchula chipembedzo poika malire, ndipo sanapemphe kanthu.

Achimwene a ku Germiston, ine ndinakhala zaka zingapo ndikuthandiza maphunziro a ukwati ku parishi kwathu ndisanabwere kuno, ndiye ndikuuzeni za mbali yanu. Mpingo wa Katolika sukaniratu ukwati ndi munthu wosabatizidwa, koma pamafunika chilolezo cha a episkopi, chimene bambo mfumu amakupempherani. Musanachilandire mumalonjeza kuti mudzasunga chikhulupiriro chanu ndipo mudzachita zonse zimene mungathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Chikatolika. Mnzanuyo amauzidwa za lonjezolo poyera. Iye sakakamizidwa kubatizidwa. Tsono taonani pamene pali mfundo: kutchalitchi khomo ndi lotsegula pang'ono, koma likufuna ana. Kumzikiti khomo likufuna inu amene. Simungalowe makomo onse awiri.

Mawu oti "tidzaona" musalembe. Kwa inu akutanthauza kuti mwina iye adzafewa, kwa iye akutanthauza kuti mwina mudzalowa Chisilamu. Aliyense amayamba kudikira mnzake, miyezi n'kumapita, ndalama za basi ya ku Durban n'kumatha, makolo n'kumva. Musayambenso kumutumizira mavesi kapena kufunsa chifukwa chake sadya nkhumba. Sanakuitaneni ku mtsutso.

Ndikanakhala inu ndikanalemba motere: "Zikomo pondiuza msanga. Inde ndine Mkatolika, ndimapita ku Misa ndipo pakali pano ndilibe maganizo osintha. Ndifunse chimodzi: zoti mwamuna akhale Msilamu ndi zofuna za makolo okha, kapena ndi zimene inunso mumakhulupirira mumtima mwanu?" Mukatero dikirani, musaonjezere mauthenga ena khumi pamwamba pake. Yankho la funso limenelo ndi limene lingakuuzeni ngati pali njira. Akati ndi chikhulupiriro chake, mulemekezeni, musiyane bwino. Akati ndi makolo, nkhani ikadali yolemera, koma mwina pali chokambirana.

Mlongo wa ku Bellville: Chabwino, ndamva. Koma asatumize ndalama ngakhale zitakhala bwanji mpaka ataonana maso ndi maso.

Telala wa ku Durban: Ine wanga anali wa Seventh Day. Anandiuza sabata yoyamba kuti kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo sagwira ntchito, ndipo abusa awo sangadalitse ukwati ndi munthu wa mpingo wina. Ine ndinati zazing'ono. Koma Loweruka ndi tsiku limene makasitomala amadzaza pa shopu, ndiye tinkakangana mlungu uliwonse. Ndikanafunsa poyamba kuti tsiku lake la kupemphera limayenda bwanji, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Inunso mufunseni za mwezi wa Ramadhani, za nyama ya halali m'nyumba, ndi ngati mowa ungalowe mu furiji.

Dalaivala wa ku Polokwane: Nanga osangokamangitsa kwa DC bwanji? Lamulo la maukwati la 2015 kumudzi limavomereza ukwati wa kuboma, safunsa za mpingo.

Mayi a ku Pretoria: Boma livomereza, inde. Koma kumzikiti adzati mtsikanayo sanakwatiwe, ndipo kutchalitchi mnyamatayu adzaimitsidwa kulandira Ukaristia mpaka ukwati utakonzedwa. Ena amasankha njira imeneyo akudziwa mtengo wake. Chofunika n'choti onse awiri audziwe.

Bambo a ku Mayfair: Pa funso lija la makolo kapena mtima, ine ndikuona kuti ngakhale atati ndi makolo okha, lamulo silisintha. Komanso kwathu ku Chiyao amalume ali ndi mawu aakulu pa mwana wa mlongo wawo, ndiye si bambo okha amene mungakumane nawo.

Mayi a ku Pretoria: Lamulo silisintha, koma anthu amasiyana mmene amaligwirira. Amufunse mwini wake.

Mnyamata wa ku Germiston: Ndatumiza monga munanenera amayi. Wayankha kuti ndi zonse ziwiri, makolo komanso iye mwini, ndipo wathokoza kuti sindinamunamize. Kenako wafunsa ngati ndingalole kupita ku mzikiti Lachisanu lina kukangomvera, osalonjeza kanthu. Lachisanu ndimaweruka 5 koloko, ndipo sindikudziwa ngati kupitako sikumupatsa chiyembekezo chimene ndilibe. Bambo a ku Mayfair, munthu wongobwera kudzamvera amaloledwa kulowa?