Za kugawana phindu la sitolo: tamvana ndi alamu anga

Funso langa lija linali lakuti: "Ine ndinaika mpamba wa K3,000,000, alamu anga K1,000,000, koma iwo ndiwo amakhala m'sitolo tsiku lililonse. Tigawane bwanji phindu?"

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Tinatsatira malangizo a mayi amene anati tisathamangire kugawana, tiyambe tapatula chiwongoladzanja cha mpamba ndi malipiro a wogwira ntchito.

Phindu la chaka linali K2,000,000. Tinagwirizana chiwongoladzanja cha 10 peresenti, choncho ine K300,000, alamu K100,000. Malipiro awo tinaika K50,000 pamwezi, kutanthauza K600,000 pachaka. Yotsala K1,000,000 tinagawana pakati. Ine ndinapeza K800,000, iwo K1,200,000, ndipo mtima wanga unakhala pansi, chifukwa thukuta lawo ndimaliona.

Pamene ndinalakwitsa ndi pa malipirowo. Poyamba ndinawalemba pamodzi ndi lendi ndi magetsi, kenako ndinawachotsanso pogawana, moti anachoka kawiri. Malipiro a mwini bizinesi ndi gawo la phindu, amachotsedwa kamodzi kokha, pogawana.

Chinatitsegula maso ndi karenti akaunti, osati ya kubanki, koma ya m'buku la sitolo. Mpamba timausiya pawokha osaukhudza, ndipo aliyense ali ndi tsamba lake lolembapo zimene wapeza ndi zimene watapa, ngakhale thumba la simenti lopita kunyumba. Alamu anali atatapa K1,350,000, ndiye tsamba lawo linaonetsa ngongole ya K150,000 ku sitolo. Sanakane ayi, tidzaichotsa pa gawo lawo chaka chamawa. Panganoli talilemba ndipo tonse tasaina.