Za Transifa Ija: Tagwirizana Zotani

"Amuna anga apeza ntchito ku Lilongwe, ine ndine mphunzitsi ku Nkhotakota. Tisamuke tonse?"

Ndabweranso, abale. Sindikusiya ntchito. Yawoyo ndi ya kontirakiti ya zaka ziwiri, pomwe yanga ndi ya boma, ya penshoni. Titachotsa lendi ya ku Lilongwe ndi chakudya chogula, malipiro ooneka ambiri aja anatsala ochepa. Kuno nyumba ndi yapasukulu, mpunga timalima tokha kudambo.

Ndiye bambo a kunyumba atsogola okha, azibwera pakutha pa mwezi kudzera ku Salima. Ine ndalemba kalata yopempha transifa yotsatira banja, ndaphatikiza setifiketi ya ukwati. Akakhazikika pantchito ndipo malo akapezeka pasukulu ina kumeneko, ndidzawatsatira ndi ana chaka cha sukulu chikatha.