Makolo a bwenzi langa akufuna kuombeza nyenyezi tisanakwatirane

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine Mkatolika wochokera ku Zomba ndipo ndimakhala ku Leicester, kumene ndili pa chitomero ndi mnyamata wa m'banja la Chihindu. Makolo ake anenetsa kuti ukwati sungachitike mpaka wansembe wawo atayerekeza kundali, ndiye kuti chithunzi cha mmene nyenyezi zinakhalira pamene aliyense wa ife ankabadwa. Akufuna tsiku, ola ndi malo amene ndinabadwira, ndipo akuti pa mapointi 36 tiyenera kupeza osachepera 18.

Vuto langa ndi lakuti Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2116, amaletsa kuombeza kotere. Bwenzi langa, amene sazikhulupirira nkomwe, anayesa kuwadandaulira koma mayi ake anangolira. Malume anga, amene ndi ankhoswe, anawaimbira foni kawiri osaphula kanthu, kenaka anandiuza kuti ndingopeka ola loti mapointi akwane, chinthu chimene ndikuona kuti ndi bodza pamwamba pa tchimo.

Kodi ndikapereka tsiku ndi ola lenileni, iwo n'kukaombeza okha ine kulibe, ndiye kuti ndatengako mbali? Nanga mapointi akapanda kukwana, amene munakumanapo ndi zotere munalankhula nawo bwanji apongozi?