Ndiyese bwanji sopo watsopano ndisanatayepo ndalama?

Moni nonse. Ndimapanga sopo wosambira ndipo amayenda bwino ndithu. Tsopano makasitomala angapo akundiuza kuti ndiyambe kupanganso sopo wamadzi wochapira mbale. Vuto ndi lakuti wondigulitsa mabotolo salola oda yochepera 500, ndiye ndikuopa kukwirira mpamba wanga m'katundu amene angangokhala pashelefu.

Mawu a pakamwa sindikuwakhulupiriranso. Kale anthu ankandichemerera kuti ndipange mafuta odzola, koma atatuluka ogula enieni anali ochepa. Ambiri ankangondisangalatsa basi.

Maganizo anga ndi awa. Ndigule mabotolo 30 okha ogulitsidwa limodzilimodzi, ngakhale amadula, ndilembe zomata zake pamanja, kenako ndigulitse pamtengo weniweni umene ndidzagulitsire mtsogolo. Kutsitsa mtengo ayi, chifukwa chotchipa aliyense amatola, ndiye sindingaphunzirepo kanthu. Chimene ndikufuna kuona kwenikweni ndi anthu obweranso kachiwiri. Botolo limodzi ndikuyerekeza kuti lingathe milungu itatu, choncho ndidikira milungu isanu ndi umodzi. Akabweranso anthu 10 mwa 30 aja osawakumbutsa, ndidzaoda ambiri.

Apa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu. Kodi 10 mwa 30 ndi muyezo wabwino, kapena ndikudzinamiza? Komanso ogula oyambawa ndi makasitomala anga akale, ondidziwa. Ndisiyeko mabotolo ena kwa wogulitsa wina kuti agule anthu achilendo? Nanga amene munayesapo kulandiriratu theka la ndalama katundu asanapangidwe, anthu anavomera kapena anathawa?