Golide wakwera, nanga masheya a migodi bwanji?

Nabanda: Akuluakulu ndithandizeni. Mtengo wa golide wakwera, koma masheya a kampani ina yokumba golide kuno ku Joni angoima, ena atsika kumene. Si zimayenera kuyendera limodzi?

Achimwene a ku Area 25: Mayi, sheya imatsatira phindu, osati mtengo wa golide. Tiyerekeze kuti golide ali pa madola 2,000 pa aunsi, womwe ndi muyeso wa kulemera kwa golide, ndipo kampani imawononga 1,500 kuti itulutse aunsi imodzi. Phindu ndi 500. Golide akakwera ndi 10 peresenti kufika 2,200, phindu likhala 700, ndiye kuti lakwera ndi 40 peresenti. Akatsika kufika 1,800, phindu ndi 300 basi. N'chifukwa chake masheya amadumpha kuposa golideyo, pokwera ndi potsika pomwe. Tsopano golide akwere ndi 200, koma dizilo, magetsi ndi malipiro zikwerenso ndi 200 pa aunsi: phindu likadali 500, sheya ikwereranji? Tsegulani lipoti la kampaniyo, mufufuze AISC. Ndiyo ndalama zonse zotulutsira aunsi imodzi, kuphatikizapo zokonzetsera mgodi kuti uzigwirabe ntchito. Muyerekeze ya chaka chino ndi ya chatha.

Gama: Ndiye nzeru n'kugula kampani yowononga zambiri. Ya 1,900 phindu lake lichoka pa 100 kufika 300, kuwirikiza katatu.

Achimwene a ku Area 25: Masamu ali bwino a Gama, koma atembenuzeni. Golide akatsika kufika 1,800, kampani imeneyo ikuluza 100 pa aunsi iliyonse, ndipo mgodi sungangotsekedwa ngati golosale, mapampu ochotsa madzi ayenera kumayendabe. Ikakhala ndi ngongole, banki ifuna chiwongoladzanja chake golide akwere kapena atsike. Zikatero amasindikiza masheya atsopano kuti apeze ndalama, gawo lanu n'kuchepa.

Nachisale: Poti mwatchula Joni, yang'ananinso randi. Makampani ngati Harmony amagulitsa golide m'madola koma malipiro ndi magetsi amalipira m'marandi. Randi ikalimba, madola omwewo amasanduka marandi ochepa, phindu limafota ngakhale golide akwere. Muonenso magalamu a golide pa tani ya miyala. Akatsika kuchoka pa 6 kufika pa 5, akugaya miyala yomweyo koma golide wachepa, choncho ndalama zotulutsira aunsi imodzi zikwera zokha.

Mbewe: Ine ndili ndi tcheni cha golide, chingapite pa zingati?

Nabanda: A Mbewe, funso limenelo ndi lina. Zikomo nonse. Koma m'lipoti AISC sinakwere kwenikweni, randi nayo yangokhala pomwepo.

Nachisale: Ndiye onani ngati sanagulitsiretu golide wa m'tsogolo pa mtengo wokhazikika. Kampani yokumba golide ya Barrick inachita kugulitsa masheya atsopano mu 2009 kuti ituluke m'mapangano otere. Ngati si zimenezo, mwina ogula anakweza kale sheyayo golide asanakwere, kapena sakukhulupirira kuti mtengowu ukhalitsa. Ngongole yawo ndi yochuluka bwanji?